Mame a ku Mzuzu

“Asuweni, dzulo tikudya azakhali anangoti ‘mlendo ndi mame’ kenako anapitiriza kudya. Mwambiwu umatanthauza chiyani kwenikweni?”

Hahaha, iwe! Dikira ndichepetse wailesiyi... Eya. Iwe amene unakhoza Chichewa pa Fomu 4, lero sukudziwa mame? Usandinamize. Chimene ukufunsa n'chakuti kodi ndiyambe kulongedza chikwama. Ku Chibaviko unati ukhalako masabata awiri, lero ndi miyezi ingati? Itatu? Ayi, inayi, paja unabwera mvula isanathe.

Tamvera ndikuuze za amalume a ku Dedza aja. Iwe unali wamng'ono. Chaka cha njala chija, 2002, anabwera kwathu ku Zolozolo, akuti adzangoona ana. Anabwera ndi kachikwama kamodzi ndi jekete lija, ukulidziwa, lija anavalanso pa chinkhoswe cha achemwali. Mwezi unatha. Wachiwiri unatha. Ufa tikugula wa m'timapepala, nsima ikuphikidwa kamodzi patsiku, iwo ali phee pa mpando wa bambo. Ndiye tsiku lina m'mawa, kunali mu Juni, chifunga chili tolo, bambo atuluka pakhonde ndi kapu ya tiyi, sakuyang'ana munthu, akuyang'ana udzu, n'kungoti, “Koma mlendo ndi mame.” Basi. Anathera pomwepo.

Amalume anamwa tiyi wawo, osafulumira, n'kuti, “Zoona alamu. Koma mame a kuno ku Mzuzu ndawaona, mpaka masana amakhala alipo. Dzuwa lake lilibe mphamvu.” Iii! Bambo anaseka mpaka tiyi kutayikira pa thalauza. Dzuwa lopanda mphamvulo ndi bambowo, wamva? Anawabwezera. Koma palibe anakwiya. Mawa lake, ayi, patapita masiku awiri, amalume anakwera matola kupita ku Nkhata Bay, ndalama anaitenga kuti sitidziwa mpaka lero, anabwerako ndi batala. Akutula nsombazo akuti, “Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.” Anadzigulira mwezi wina ndi mwambi.

Ndiye chimene chinawachotsa ukuchidziwa? Amayi. Mchemwali wawo weniweni. Anali atatopa, ndiwo palibe, anangoti pamaso pa ife ana, “Achimwene, kodi mupita liti kwanu?” Kutacha tinapeza mphasa yopindidwa bwinobwino. Sanatsanzike. Ndipo ukudziwa kuti anadzapondanso pakhomo pathu pa maliro a agogo, zija zinachitika kumanda zija, tisazikambe pagulu pano.

Aaa, ndimati chiyani paja... Eya, za azakhali.

Mwambi umenewu mwini wake si mlendo ayi. Akuluakulu amauza mwininyumba: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndiye kuti mupirireni, mupatseni chakudya bwino, mawa sakhalapo. Ndi mawu achifundo. Koma ukawanena mlendoyo ali pomwepo, atakhalitsa kale, atembenuka, asanduka chikumbutso chakuti mame anzako anauma kalekale. Mawu ndi omwewo, chasintha ndi khutu limene akulowamo.

Ndiye taona, azakhali anangonena theka. Zoti “sachedwa kukamuka” sananene, wamaliza wekha mumtima, mpaka tulo osabwera, n'kunditumizira uthenga usiku. Amene wakulasa ndi iwe mwini. Iwo ukawafunsa adzati, “Ine ndangonena mwambi, wamva kuti ndatchula dzina?” Ndipo sakunama. Mpata wothawira akusiyira, nawonso adzisiyira wawo. Zili ngati munthu wapeza kantchito wayamba matama, wina n'kungoti “ukakwera pamsana pa njovu...” n'kukhala chete. Za mame zotsalazo amadzimalizira yekha wokwerayo.

Chimene ndikufuna undiuze n'chakuti anayang'ana kuti ponena. Ngati maso anali m'mbale, kapena amauza mwana uja, ndiye sakukuthamangitsa, akukugwedeza chabe. Akanakuyang'ana m'maso n'kuwonjezera dzina lako, kapena kubwereza kawiri tsiku limodzi, apo ndikanati pita kudepoti ukafunse basi ya m'mawa.

Ndiye sanakuthamangitse, wamva? Munthu amene akukuphiphiritsirabe akufuna mawa mudzapatsane moni. Koma nawenso usachite za amalume zoyankha mwambi ndi mwambi. Iwo amayankha mlamu wawo, alamu amanyogodolana. Iwe ukayesa kwa azakhali, udzamva Chichewa chopanda chining'a. Gula thumba la makala, gula shuga, uwauze tsiku limene unyamuke ngakhale likhale la kumapeto kwa mwezi, bola alimve kuchokera pakamwa pako.

Sanakuthamangitse, ndikubwerezanso, angokuuza kuti dzuwa latuluka. Ndipo juzi yanga ija unabwereka mu Meyi, nayonso ndi mlendo kwanuko, hahaha. Undiimbire ukaweruka kumsika.