Kusintha penti wa khoma pa chithunzi osapha mthunzi

"Abale, ndili ndi kanyumba ku Chilenje, khoma lake ndi la kirimu. Ndifuna ndione m'mene kangaonekere ndi penti wotuwa komanso malata ofiira ndisanapite kukagula ku Kamwala. Ndayesa kupaka pa Photoshop koma zikuoneka ngati ndamata pepala pachithunzi. Mthunzi wa denga wasowa, m'mbali mwa mawindo mwatsala mzere wachikasu. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, mwapaka mtundu pamwamba pa kuwala, pomwe mumafunika kuusiya kuti ulowe m'kuwalako. Diso limadziwa kuti ili ndi khoma chifukwa cha mthunzi wa denga ndi timabampu ta pulasitala. Leya yanu ili pa Normal, ndiye yaphimba zonsezo ndi mtundu umodzi wosalala.

Yambani ndi chithunzi chenicheni chochokera m'foni. Chimene chadutsa pa WhatsApp chimakhala chitafinyidwa, m'mphepete mwa zinthu muli timabokosi, ndipo mudzavutika nacho pachabe. Ngati wina akukutumizirani, atumize ngati Document.

Sankhani khoma lonse kupatula mawindo, chitseko ndi mabagala, musindikize Ctrl+J kuti khomalo likhale pa leya yakeyake. Musathamangire kuthira mtundu. Choyamba chotsani kirimu wakaleyo ndi Ctrl+Shift+U, khoma lisanduke loyera ndi lotuwa basi. Ambiri amadumpha apa. Kirimu ndi wachikasu, ndipo mukamusiya pansi amatulukira mu penti watsopano: wotuwa amaoneka ngati wathiridwa tiyi, wabuluu amapendekera kobiriwira. Kenako tsegulani Levels ndi Ctrl+L, mukoke kachizindikiro koyera ka kumanja mpaka mbali ya khoma yomwe ili padzuwa itatsala pang'ono kuyereratu, cha pa 240 kapena 245 mwa 255. Isafike 255, chifukwa pamenepo timabampu timatha.

Tsopano ikani leya ya Solid Color pamwamba, musankhe mtundu wanu, muimangirire ku leya ya khoma ndi Ctrl+Alt+G, ndipo pomwe palembedwa Normal musinthe pakhale Multiply.

Chimene Multiply amachita ndi kuchulukitsa manambala awiri n'kugawa ndi 255. Tinene kuti khoma padzuwa lili pa 240, pansi pa denga pamthunzi lili pa 120, ndipo penti wanu wotuwa ndi 140. Padzuwa mupeza 240 × 140 ÷ 255, zomwe ndi 132. Pamthunzi mupeza 66. Mthunzi unali theka la kuwala kwa padzuwa, ndipo watsalabe theka. Ndi mmenenso penti weniweni amachitira pakhoma, n'chifukwa chake diso limakhulupirira. Pa Normal malo onse awiri akanakhala 140, ndilo pepala lomwe mukulionalo.

Ena akuuzani kuti mugwiritse Color kapena mukoke Hue. Zimathandiza ngati mukuchoka ku mtundu wina kupita ku unzake wowala mofanana. Koma Color sakhudza kuwala, ndiye khoma la kirimu silingade nayo, mumangopeza mtundu wofooka ngati wachapidwa. Multiply nayenso ali ndi malire ake: amangodetsa, sawalitsa. Amene khoma lake ndi lakuda kale n'kufuna loyera ayenera kulikweza kwambiri ndi Levels kapena Curves, ndipo timadontho ta kamera timayamba kuonekera m'mithunzi.

Za mzere wachikasu uja. Pamalire a khoma ndi felemu ya windo pali mapikiselo awiri kapena atatu osakanikirana, theka khoma theka felemu. Kusankha kwanu kunaima asanafike, ndiye atsala ndi kirimu. Mankhwala ake ndi kukulitsa malo osankhidwa ndi pikiselo 1 kapena 2 kudzera pa Select > Modify > Expand musanasindikize Ctrl+J, kenako Feather wa 0.5 mpaka 1. Musaope kulowerera pang'ono pa chinthu chakuda monga mabagala kapena felemu yachitsulo, poti Multiply pa chinthu chakuda saoneka. Komwe muyenera kusamala ndi komwe khoma lakumana ndi thambo kapena fesha bodi yoyera. Kumeneko mukalowerera, pabwera mzere wakuda. Feather wamkulu, wa 5 kapena 10, ndi woipa kuposa mzere wachikasu, chifukwa nyumba imaoneka ngati ikufuka utsi m'mbali. Ikani masiki pa leya ya khoma, mukuze chithunzi pa 200%, muyende m'mphepete monse ndi burashi yaing'ono pa masikiwo. Ndi ntchito yotopetsa ndithu, koma ndi pamene pamasiyana zabodza ndi zooneka zenizeni.

Ngati kutsogolo kuli mtengo wa mango kapena maluwa, musayese kuzungulira tsamba lililonse ndi dzanja, mudzagona pomwepo. Pitani pa Channels muyang'ane Red: khoma la kirimu limaoneka loyera, masamba amaoneka akuda. Koperani tchanelo imeneyo, muilimbitse ndi Levels, mupake zoyera pamalo a khoma omwe adetsedwa ndi mthunzi, ndipo masiki anu apezeka ali ndi timipata tonse ta pakati pa masamba.

Ine ndinachitapo manyazi ndi nyumba ya mlamu wanga ku Matero. Khonde lake ndi la simenti yofiira yopolishidwa, yonyezimira mpaka kudziona nkhope. Ndinasintha khoma bwinobwino, koma aliyense woona amati china chake sichili bwino, osadziwa kuti n'chiyani. Vuto linali loti khonde lofiira limaponyera kufiira pang'ono m'munsi mwa khoma, ndipo ine ndinakuchotsa pamodzi ndi kirimu. Komanso m'polishimo munkaonekabe chithunzithunzi cha khoma lakale lachikasu. Ndinabwezera kufiirako ndi burashi yofewa pa leya ina ya Soft Light, Opacity cha pa 15%, n'kudetsanso pang'ono chithunzithunzi cha pansicho. Yang'anani zomwezo pa magalasi a mawindo ndi pa galimoto ngati yaima pafupi.

Denga njira yake ndi yomweyo, kungoonjezera chimodzi. Malata amanyezimira, ndipo pomwe dzuwa lamenya pamakhala poyera ngakhale malatawo akhale ofiira. Multiply amafiiritsa ndi poyerapo, denga n'kuoneka ngati nsalu. Koperani leya yotuwa ya denga, muiike pamwamba pa zonse pa Screen, mukoke kachizindikiro kakuda ka Levels kumanja mpaka patsale timizere towala ta pa misana ya malata tokha, kenako mutsitse Opacity mpaka zitakhala bwino m'maso. Koma ngati munajambula masana a Okutobala, denga lonse litayera mbee, mulibe chopulumutsa m'chithunzimo. Jambulaninso m'mawa cha m'ma 7 kapena tsiku la mitambo.

Mukadzafuna kuona matailosi pakhonde, chithunzi cha matailosi chigonekeni ndi Edit > Transform > Distort kuti mizere yake itsatire m'munsi mwa khoma, ndipo leya yotuwa ya pansi pakale ikhale pamwamba pake pa Multiply kuti mithunzi ya mipando ibwerere.

Chithunzicho chikuthandizani kusankha pakati pa wotuwa ndi wabuluu, koma namba ya penti musatengere pa sikirini, chifukwa foni iliyonse imaonetsa mwake. Ku Kamwala gulani kaye kachitini ka lita imodzi, mupake kachigawo kamodzi padzuwa ndi kena pansi pa denga, muyang'ane kakauma.