Tsamba likuchedwa kutseguka chifukwa cha mavidiyo ndi zithunzi

"Ndaika mavidiyo atatu a YouTube ndi zithunzi 30 za ukwati patsamba limodzi, pafoni likutenga nthawi kuti litseguke. Nditani?"

Achimwene, yambani ndi zithunzizo, vuto lalikulu limakhala pamenepo. Chithunzi chochokera mu kamera chimatha kukhala 5 MB, ndiye 30 zija ndi 150 MB, bandulo ya munthu yathera pompo asanaone nkomwe mkwatibwi. Zichepetseni musanazikweze, m'lifupi 1600 px basi, muzisunge ngati WebP, mtundu wa fayilo ya zithunzi wopepuka, chilichonse chizikhala cha m'ma 200 KB. Pagalare pazioneka tizithunzi ting'onoting'ono ta 400 px, chachikulucho chizibwera munthu akadina.

Kenako lembani chonchi:

```html
<img src="ukwati1.webp" width="400" height="267" loading="lazy" alt="Mkwati ndi mkwatibwi">
```

Mawu akuti `loading="lazy"` amauza bulawuza kuti idikire, ikatenge chithunzi munthu akatsika kufika pafupi nacho. Koma chapamwamba penipeni musachiike zimenezi ayi, chimachedwa kuoneka. Ndipo `width` ndi `height` musaziiwale, apo bii tsamba limangodumphadumpha munthu akuwerenga, zimatopetsa kwambiri.

Mavidiyowo, `iframe` iliyonse ya YouTube, kabokosi komwe vidiyo imaonekeramo patsamba, imakoka pulogalamu yake yoseweretsera ngakhale munthu asanadine, ndiye ine ndimangoika chithunzi chokhala ndi batani, vidiyo yeniyeniyo imalowa akadina, pa WordPress pulagini ya WP YouTube Lyte imachita zomwezi.

Mukatero yesani pa PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro la tsamba, mbali ya foni. LCP, nthawi imene chinthu chachikulu patsamba chimatenga kuti chioneke, ikamapitirirabe masekondi 2.5 mwina vuto ndi seva kapena kapangidwe ka tsambalo, pamenepo pezani katswiri wa mawebusayiti akuonereni.