Shopu yadzaza koma ndalama sindikuziona: balansi shiti ndiyambire pati?

*"Abale anga a muno mu Harare, ndithandizeni. Ndatsegula kashopu ku Mufakose miyezi itatu yapitayi. Ndinayamba ndi madola 1,200 anga, achimwene anandibwereka 600. Ndikufuna ngongole ina yoonjezera katundu koma obwereketsa akuti ndibwere ndi balansi shiti. Chimenechi n'chiyani? Katundu ndi wodzaza koma sindikudziwa ngati ndikupindula."*

Achemwali, pepala limeneli mungathe kulilemba nokha madzulo amodzi mutatseka shopu. Limafuna kope, cholembera, ndi mtima wosadzinamiza. Limayankha funso limodzi: lero lino shopu ili ndi chiyani, ndipo pa zimenezo za eni ndi zingati, zanu ndi zingati? Ndi pepala la tsiku limodzi, osati la mwezi wonse, n'chifukwa chake pamwamba pake mumalemba deti, mwachitsanzo 30 Juni.

Lili ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi chuma cha shopu, chimene owerengera ndalama amati maaseti: ndalama za m'bokosi ndi za pa foni, katundu wa pa shelefu, filiji, ndiponso ndalama zimene anthu ayenera kukubwezerani. Yachiwiri ndi ngongole za shopu, malayabilite, kutanthauza chilichonse chimene shopu iyenera kulipira munthu wina. Yachitatu ndi gawo lanu mwini wake, ekwite, lomwe ndi chotsala mukachotsa ngongole pa chuma. Choncho chuma nthawi zonse chimafanana ndi ngongole kuphatikiza gawo la mwini, chifukwa chinthu chilichonse chili m'shopumo chinagulidwa ndi ndalama ya wina kapena yanu.

Tiyambe ndi tsiku lomwe munatsegula. Manambala enawa ndangopeka kuti tione mmene zimayendera, inu muikemo anu enieni. Munali ndi madola 1,800. Tinene kuti filiji, mashelefu ndi kauntala zinatenga 500, dipoziti ya kwa eni nyumba 100, katundu woyamba 1,000, ndipo 200 inatsala m'bokosi. Zonsezi ndi chuma cha shopu ndipo zikukwana 1,800. Mbali inayo pali ngongole ya achimwene 600 ndi mpamba wanu 1,200. Mbali ziwirizo zalingana. Onani kuti kugula filiji sikunachepetse chuma chanu, ndalama inangosanduka filiji. Dipoziti nayonso ikadali yanu chifukwa mudzailandira potuluka, koma lendi ya mwezi ndi mwezi ikapita yapita, siilowa pa pepalali.

Tsopano pa 30 Juni. Apa ndi pomwe pali ntchito, ndipo ntchito yaikulu ili pa katundu.

Werengani chinthu chimodzichimodzi, mabotolo a mafuta ophikira, mapaketi a shuga, matumba a ufa, sopo, machesi, zonse. Kenako muchulukitse ndi mtengo umene munaodera, osati umene mumagulitsira. Pamenepa ndi pomwe ambiri amadzinyenga. Botolo la mafuta munaoda pa madola 3 ndipo mumagulitsa 3.50. Ngati alipo 40, pa pepala mulembe 120, osati 140. Madola 20 enawo simunawapeze, mudzawapeza botolo likachoka pa shelefu ndalama n'kulowa m'bokosi. Koma pali nthawi imodzi yomwe mumalemba mtengo wotsika kuposa woodera: katundu akaonongeka kapena akatsala pang'ono kutha nthawi. Mkaka umene unasasa magetsi atazima tsiku lonse sukhalanso chuma ngakhale ukadali mu filiji. Mabisiketi amene atsala ndi sabata imodzi, omwe mudzawagulitsa theka la mtengo, muwalembe pa theka lomwelo. Tinene kuti mwawerenga bwino ndipo katundu yense wakwana 1,150.

M'bokosi mwapeza 140, pa EcoCash ya shopu pali 60. Ngati nambala ya foni ndi imodzi yomwe mumalandiriranso ndalama za pakhomo, patulani za shopu zokha, ndipo ndingakupempheni kuti mupeze laini ina msanga.

Kenako kope la ngongole za makasitomala. Likuonetsa 180. Imeneyi ndi ndalama ya shopu ngakhale ili m'matumba mwa anthu, choncho imalowa pa chuma. Koma khalani pansi muyang'ane dzina lililonse. Mayi amene amalipira mwezi ukatha mosalephera, awerengeni. Bambo amene anatenga zinthu za madola 50 mu Epulo, n'kusamukira ku Epworth ndipo foni sakuyankha, musawawerenge. Mupitirize kuwafuna, koma pa pepala mulembe 130. Ndikudziwa kuti zimapweteka makamaka akakhala munthu wa kumudzi kapena wa ku mpingo, koma pepala lokhala ndi ngongole zakufa limakupangitsani kuoda katundu podalira ndalama imene siidzabwera.

Filiji ndi mashelefu zimakalamba. Njira yosavuta n'kuganizira zaka zimene zidzagwire ntchito. Tikati zaka 5, ndiye miyezi 60, ndipo 500 kuigawa pa miyezi 60 ikupereka madola 8 ndi kangachepe pa mwezi, 25 pa miyezi itatu. Mulembe 475. Dipoziti ikadali 100.

Tikaphatikiza 200 ya ndalama, 1,150 ya katundu, 130 ya makasitomala, 475 ya zipangizo ndi 100 ya dipoziti, chuma chonse ndi 2,055. Chakwera kuchoka pa 1,800, ndipo munthu akaima pakhomo n'kuona mashelefu odzaza angati zikuyenda. Koma sitinaone mbali inayo.

Achimwene mwawabwezera 150, yatsala 450. Ngongole ya wachibale ilembedwe ngati ina iliyonse, ngakhale ananena kuti mudzabweza mukapeza. Kumene mumaoda anakupatsani katundu wa 300 woti mulipire pakatha masabata awiri. Mtsikana wokuthandizani simunamulipire 40 ya mwezi uno. Palinso kanthu kamene timaiwala muno mu Harare, chenji. Munthu wapereka dola, wagula cha masenti 60, mulibe chomubwezera, mwalemba m'kope kuti adzatenge mawa. Ndalama imeneyo ili m'bokosi mwanu koma ndi yake. Tinene kuti zonse za mtundu umenewu zakwana 15. Ngongole zonse ndi 805.

Chotsani 805 pa 2,055, kwatsala 1,250. Limeneli ndiye gawo lanu. Munayamba ndi 1,200, ndiye lakwera ndi madola 50 okha m'miyezi itatu, pamene chuma chakwera ndi 255. Madola 205 enawo abwera chifukwa ngongole zakula.

Musataye mtima poganiza kuti phindu lonse ndi 50. Funso lotsatira n'lakuti mwatengamo zingati za pakhomo? Fizi ya ana, ndiwo, ndalama yomwe munatumiza ku Malawi pa maliro, ngakhalenso buledi ndi shuga zomwe mumatenga pa shelefu madzulo popita kunyumba. Ngati munatenga 270 ya ndalama ndi katundu wa 30, ndiye kuti mwatulutsa 300. Phindu lenileni mumalipeza potenga gawo lanu la lero, kuchotsa la poyamba, n'kuphatikiza zomwe munatenga: 1,250 kuchotsa 1,200, kuphatikiza 300, ndi 350. Shopu yapindula 350 ndipo pakhomo padya 300. Kudya za shopu yanu si mlandu, munaitsegulira zimenezo. Vuto limabwera mukamatenga osalemba, chifukwa pamenepo simungasiyanitse shopu yosapindula ndi shopu yopindula yomwe ikudyedwa, kapenanso yomwe wina akuibera. Mukadzathira ndalama ina ya m'thumba mwanu, monga ya chipereganyu, muichotsenso powerengera, popeza imakweza gawo lanu koma si phindu.

Tsopano mwaona chifukwa chake ndalama simukuziona. Pa 2,055 ija, ndalama zogwirika ndi 200 zokha, pamene ngongole zofunika kulipira posachedwa, 300 ya koodera, 40 ya wantchito ndi 15 ya chenji, zikukwana 355, osawerengera gawo la achimwene la mwezi uno. Zotsalazo zamangika pa shelefu ndi m'kope la makasitomala. Obwereketsa amayang'ana pamenepa kwambiri. Amafuna kuona ngati chuma chimene chingasanduke ndalama msanga chikuposa ngongole za posachedwa, komanso kuti pa chuma chonse gawo la mwini ndi lalikulu bwanji. Mu chitsanzo chathu gawo lanu likuposa theka, zomwe si zoipa. Koma ine ndikanakhala inu, manambala anu akatuluka chonchi, sindikanathamangira ngongole yoonjezera katundu. Katundu alipo kale wambiri. Ndikanayamba ndayang'ana kuti pa 1,150 ija ndi ziti zakhala mwezi wonse zosayenda, n'kuleka kuzioda, kenako n'kutolera 130 ili kunja ija. Ngongole yatsopano imakweza chuma ndi ngongole mofanana tsiku lomwe mwailandira, gawo lanu silisuntha, kenako chiwongoladzanja chimayamba kulidya mwezi ndi mwezi. Za katapila ndiye musayese n'komwe.

Nkhani ya ndalama ziwiri zomwe tikugwiritsa ntchito m'dziko muno ndi yofunika kusamala. Musaphatikize madola ndi ZiG m'ndandanda umodzi ngati chinthu chimodzi. Sankhani ndalama imodzi, ndipo popeza mumaoda m'madola, lembani pepala lonse m'madola. ZiG yomwe muli nayo muisinthe pa mtengo wa tsiku lomwelo, mtengowo muulembe m'munsi mwa pepala kuti mwezi wamawa mudziwe mmene munawerengera. Mukukumbukira kuti ZiG inabwera mu Epulo 2024, ndipo kumapeto kwa Seputembala chaka chomwecho banki yaikulu inaitsitsa tsiku limodzi kuchoka pa pafupifupi 14 kufika pa pafupifupi 24 pa dola. Amene anali ndi ZiG yambiri m'bokosi, kapena anakongoza makasitomala mu ZiG pamene iwo ngongole ya koodera inali m'madola, gawo lawo linachepa popanda kuba kapena kuonongeka kwa katundu. N'chifukwa chake kope la ngongole lizinena ndalama yomwe munthu adzabwezere.

Popita kwa obwereketsawo mutenge mapepala awiri, la tsiku lotsegula ndi la pa 30 Juni, pamodzi ndi malisiti a koodera, kope la ngongole ndi tsamba lomwe munawerengerapo katundu, chifukwa angathe kubwera kudzaona okha pa shelefu ngati manambala akugwirizana. Ngongole ya achimwene musaibise kuti pepala lioneke bwino, akadzaitulukira sadzakhulupiriranso nambala ina iliyonse. Mukamaliza kuwerenga, tumizani manambala anu pano, osatchula maina a makasitomala, tiyang'anire limodzi musanapite nawo.