SSH ikangoti zii pa KEX_ECDH_REPLY, musathamangire kusintha makiyi

"Achimwene, ndikalowa pa seva ya kuntchito kudzera pa WireGuard ndili pa intaneti yanyumba zonse zimayenda, koma ndikagwiritsa hotisipoti ya foni ssh imangoima pa `expecting SSH2_MSG_KEX_ECDH_REPLY` mpaka kudula yokha. Ping ikuyenda bwinobwino. Makiyi ndapanganso atsopano koma palibe chasintha. Ndi chani chimenechi?"

Makiyi anuwo alibe mlandu achimwene, pamene ssh yaimapo nkuti isanafike nkomwe pofunsa kuti ndinu ndani. Ndipo mawu oti ping ikuyenda ndi amene andipangitsa kuti ndikhale pansi ndilembe zonsezi, chifukwa ndamvapo mawu amenewa kambirimbiri kuchokera kwa anthu oyang'anira manetiweki pamene akufuna kuti muwachoke. Ping wamba pa Linux imanyamula mabaiti 56 okha, kuphatikiza mitu yake paketi yonse imakhala 84. Kapaketi kotere kamadutsa paliponse. Imangokuuzani kuti njira ilipo, siikuuzani kuti njirayo ndi yotakata bwanji.

Ulalo uliwonse uli ndi malire a kukula kwa paketi imene ungadutsitse, ndiye MTU imeneyo, ndipo pa Ethernet ndi Wi-Fi nthawi zambiri ndi 1500. TCP ikamayamba kulumikizana mbali iliyonse imalengeza kuti ine ndilandira zidutswa zazikulu chonchi, nambala imeneyo ndi MSS, ndipo imangotenga MTU ya khadi lake lomwe nkuchotsa 40 za mitu ya IP ndi TCP, kutsala 1460. Vuto lake laputopu yanu imaona khomo lake lokha basi, ndi seva chimodzimodzi. Zapakati sizikuziona. Pakatipo pakakhala PPPoE malire amatsika kufika 1492, GRE imadya 24, ndipo pa foni deta yanu imakulungidwanso mu tanelo ya kampani ya mafoni yotchedwa GTP musanaikemo nkomwe VPN yanu, nchifukwa chake maulalo a foni ambiri safika 1500.

Anthu amene anakonza zimenezi anaganiza bwino ndithu. Kuyambira 1990 pali njira yolembedwa mu RFC 1191, paketi ya TCP imaikidwa chizindikiro cha DF chotanthauza kuti osaidula, ndiye rauta imene yakanika kuidutsitsa imaitaya nkutumiza uthenga wa ICMP, mtundu 3 khodi 4, wonena kuti yakula, malire anga ndi akuti. Wotumiza amachepetsa, nkhani yatha. Zili ngati lole yaitali yafika pa mlatho waufupi, wina amayenera kuimba foni kwa amene anapakira kuti mupakirenso pang'onopang'ono. Foni imeneyo ikapanda kuimbidwa wopakira amangotumizabe lole yomweyo, TCP imabwereza paketi yaikulu ija, imadikira, kubwerezanso, kudikira nthawi yotalikirapo, inu mukungoyang'ana sikirini yopanda ngakhale uthenga woti chalakwika ndi ichi.

Ndinagwirapo ntchito ndi kampani ina, sinditchula, imene munthu wa zachitetezo anatseka ICMP yonse pa fayawolo chifukwa anawerenga penapake kuti akuba amayamba ndi ping. Ogwira ntchito m'maofesi akutali amalowa pa seva bwinobwino, pasiwedi imalandiridwa, `pwd` imayankha, `ls` mu foda yaying'ono imayankha, koma ukangoti `top` kapena `cat` fayilo yaitali, basi zii, ngakhale Ctrl-C osathandiza. `scp` imayamba nkuima pa 0% ikulemba `stalled`. Anasintha seva, anadandaula kwa ogulitsa intaneti, wina mpaka ananena kuti ndi vairasi. Nditawaonetsa `tcpdump` ya pa seva, paketi imodzimodziyo ya `length 1448` ikutuluka mobwerezabwereza popanda yankho pamene tating'ono tikudutsa, bambo uja anati ndiye tichepetse MTU pa makompyuta onse koma lamulo langa lisakhudzidwe. Makompyuta onse! Kuti munthu mmodzi asachotse mzere umodzi. Ine ndimanena poyera, kutseka ICMP yonse si chitetezo ayi, ndi kuononga netiweki mwadala kenako nkumalandira malipiro. Wakuba safuna ping kuti aone kuti poti 22 ndi yotsegula, amangogogoda pa potiyo. Ngati ping ikukusowetsani tulo tsekani `echo-request` yokha, koma uthenga wa mtundu 3 khodi 4 muusiye, ndipo pa IPv6 ndiye musayese nkomwe chifukwa kumeneko marauta apakati sadula paketi, popanda uthenga wa `Packet Too Big` paketi yaikulu imangotayika mwakachetechete.

Komabe si nthawi zonse pamene pali munthu womuloza chala, ndipo kwa inu mwina palibe. WireGuard imakulunga paketi yanu mu UDP, paketi yakunjayo ikakula imatha kudulidwa zidutswa panjira, ndipo zidutswa zimenezi zida za NAT ndi mafayawolo ambiri amangozitaya mwakachetechete. TCP yamkati siimva kanthu, palibe amene waiuza.

Mzere umene wakuimiraniwo umasocheretsa anthu, chifukwa ukuoneka ngati seva ndi imene ikukana kuyankha. Moni woyamba wa TCP ndi tating'ono, mzere wolengeza mtundu wa OpenSSH ndi waung'ono, ndiye zonsezo zimadutsa ndipo `ssh -vvv` imaonetsa `Connection established` inu nkumati tafika. Chachikulu choyamba ndi KEXINIT, mndandanda wa njira zonse zobisira zimene mbali iliyonse imadziwa. Ya laputopu yanu imakhala yaitali kuposa ya seva, imayandikira kapena kupitirira 1500, ndiye zimatheka kuti yanu yatayika panjira koma ya seva yakufikani. Pulogalamu yanu poona kuti yalandira imapitiriza, imatumiza gawo lake la kiyi nkuyamba kudikira yankho, pamene seva ikadali kudikira mndandanda umene sunafike. Onse awiri akudikirana. Nthawi zina ndi yankho la seva lenilenilo limene lakula, makamaka chiyambire OpenSSH 9.0 ya 2022 imene inayamba kusankha `sntrup761x25519-sha512@openssh.com` poyamba. Njira imeneyi anaipanga pokonzekera makompyuta a kwantamu, ndipo gawo lake la kiyi limapitirira mabaiti 1000 pamene `curve25519` yakale inali 32 basi. Muonjezepo kiyi ya seva ya RSA ndi siginecha yake, paketi yadzadza. Ndiye anthu ambiri anayamba kunena kuti ssh yatsopano ndi yoonongeka, chonsecho netiweki yawo inali yodwala kalekale, ssh yakale imangodutsa mwamwayi.

Nchifukwa chake pa intaneti mupeza malangizo ngati awa ndipo anthu akuthokoza kuti zatheka:

```
ssh -o KexAlgorithms=curve25519-sha256 -o MACs=hmac-sha2-256 seva
```

Zimathekadi, chifukwa mwafupikitsa mndandanda ndi kiyi yomwe. Ine ndimaugwiritsa ngati choyezera chabe, ikalowa ndi mzere umenewu ndimadziwa kuti ndi MTU. Koma kuusiya mu `~/.ssh/config` ngati mankhwala ndimakana, mwangokankhira vuto kutsogolo, likakupezani pakati pa `git pull` kapena mutatsegula fayilo yofunika mu `vim`.

Kuyeza kwake

Muli pa hotisipoti, VPN musanayatse, pingani adiresi yakunja ya seva ya WireGuard ndi paketi yoletsedwa kudulidwa. Nambala imene mukulemba ndi katundu yekha, mitu ya IP ndi ICMP imaonjezera 28, ndiye 1472 ikuyesa 1500.

```
ping -c 3 -M do -s 1472 ADIRESI
ping -c 3 -M do -s 1372 ADIRESI
```

Pa Windows ndi `ping -f -l 1472`, pa Mac `ping -D -s 1472`. Mukaona `Frag needed and DF set (mtu = 1400)` sangalalani, rauta yakuuzani yokha nambala. Ikangokhala chete pa 1472 koma nkuyankha pa yaying'ono, limenelo ndiye dzenje lija, muzitsika ndi kukwera mpaka mupeze yaikulu kwambiri imene ikuyankha. Ngati ngakhale ping wamba siyankha pa adiresi imeneyo ndiye kuyezako sikukuuzani kanthu, yezerani mkati mwa tanelo pa adiresi yamkati ya seva.

Tiyerekeze kuti 1372 yadutsa koma 1373 yakana, ndiye njira yanu ndi 1400. Pulogalamu ya `wg-quick` imayang'ana khadi la Wi-Fi, imaona 1500, imachotsa 80 nkuika 1420 pa `wg0`, khadi la tanelo ya WireGuard, siidziwa kuti kuseri kwa foni kuli kothina. Pa IPv4 WireGuard imaonjezera 60, ndiko kuti 20 za IP, 8 za UDP ndi 32 zake, ndiye paketi yodzadza imatuluka ili 1480 panjira ya 1400. Kunyumba kwanu 1480 imakwana mu 1500 ngakhale mu 1492, nchifukwa chake kumeneko simunaonepo vuto. Masamu akuti 1400 kuchotsa 60 ndi 1340, koma pali kamsampha, WireGuard imadzadzitsa paketi kuti igawike ndi 16, ndiye seva imene ikadali pa 1420 itenga 1340 nkuifikitsa 1344, kunja 1404, yakanikanso ndi mabaiti 4. Yotetezeka ndi 1328. Ine pa laputopu yoyendayenda ndimangoika 1280, chifukwa mawa mukhala pa netiweki ina, liwiro lotayika ndi lochepa kwambiri, ndipo pansi pa 1280 IPv6 siigwira ndiye osatsikanso.

Yesani kaye ndi `sudo ip link set dev wg0 mtu 1280`, tsegulani ssh yatsopano chifukwa yakale inagwirizana kale MSS yake, ikalowa lembani `MTU = 1280` pansi pa `[Interface]` mu fayilo ya WireGuard. Kusintha mbali yanu yokha kumakwanira pa TCP popeza MSS imene mukulengeza imatsika ndipo seva imamvera, koma UDP yaikulu yochokera uko izitayikabe mpaka nawonso atsitse. Ngati seva ya VPN ili m'manja mwanu ndipo anthu ndi ambiri, tsitsani MTU ya `wg0` kumeneko nkuika lamulo ili kuti rauta izikonza yokha MSS ya aliyense wodutsa:

```
iptables -t mangle -A FORWARD -p tcp --tcp-flags SYN,RST SYN -j TCPMSS --clamp-mss-to-pmtu
```

Pa seva ya ssh `sysctl -w net.ipv4.tcp_mtu_probing=1` imathandizanso, Linux ikaona kuti zazikulu zikusowa imachepetsa yokha, kungoti mumayamba mwaima masekondi angapo. Ndipo ngati `wg0` ili pa 1420 ndipo ping ya 1392 mkati mwa tanelo ikudutsa bwinobwino koma ssh ikuimabe, makamaka mutangolowa kumene, ndiye si MTU, yesani `-o IPQoS=none` chifukwa pali marauta ena amene amataya mapaketi okhala ndi chizindikiro cha DSCP chimene ssh imaika.