"Tikuimbirani" ndi ngongole

"Ndili m'komiti ya sukulu ya pulaiveti kuno ku Lizulu. Tinachititsa intavyu anthu asanu pa malo amodzi a kalaliki wolandira fizi, ndipo onse tinawauza kuti tiwaimbira. Tinasankha mmodzi, enawo sitinawauzebe. Mayi a mmodzi mwa iwo, mtsikana wa kumpingo kwathu, akungobwera kunyumba. Ndiwayankhe bwanji?" Bambo wa ku Lizulu, Ntcheu

Bambo, imbani lero. Makomiti ambiri amaganiza kuti kukhala chete n'chifundo, chonsecho mwana akukana maganyu, foni ili m'manja usana ndi usiku. Chifukwa chokhacho chodikirira n'chakuti amene mwamusankhayo avomere kaye ntchito. Akangovomera, enawo amve tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Muimbireni mtsikanayo mwiniwake, osati mayi ake. Amene anakhala pa mpando wa intavyu ndi iyeyo. Mukapatsana moni, nkhani ituluke msanga: "Chemwali, tikuthokoza kuti munabwera. Komiti yasankha munthu wina, ndiye pa ntchitoyi simunatengedwe." Mawu oti "simunatengedwe" amveke ndithu. Mukati "zinthu sizinalongosoke bwinobwino", adzaika foni pansi akuganiza kuti mwayi ulipobe.

Akafunsa chifukwa, m'patseni chimodzi chochokera pa pepala lomwe munkalembapo malikisi, chinthu choti angathe kukonza. Mwachitsanzo: "Titakupatsani malisiti kuti muwalowetse m'buku la ndalama, masamu ake sanagwirizane." Pamenepo wapeza pophunzira. Koma malikisi a mnzake wopambanayo musawatchule.

Chimene chimakola anthu abwino mtima ngati inu ndi kufuna kudziyeretsa. "Ine ndinkafuna inuyo, koma anzanga anakana." Mukatero mwagulitsa komiti, ndipo pofika tsiku la msika Lizulu yense adzakhala akunena kuti panali ziphuphu. Musatinso "mpata wina ukapezeka ndi wanu" pomwe mpatawo simukuuona. Ngati anali wachiwiri ndipo komiti inagwirizana zosunga dzina lake, nenani zomwezo basi. Za ukwati, mwana wakhanda, mpingo, kapena zoti uyu ndi Mngoni uyu ndi Mchewa, zisatuluke pakamwa panu ngakhale mocheza. Lamulo la za ntchito la 2000 limaletsa kusala munthu pa zifukwa monga chipembedzo, mtundu, ukwati kapena kulumala. Ngati zoterezi zinalowadi posankha, vuto lanu si la kalankhulidwe ayi.

Mayiwo akabweranso, auzeni mwaulemu kuti mwayankhula kale ndi mwana wawo, afunse iyeyo. Makolo inu, lekani kuyenda m'makomo mwa akomiti! Mukuchititsa mwana manyazi, ndipo kupemphera mpingo umodzi sikulemba munthu ntchito. Ngakhale mapointi abwino a MSCE sathandiza pomwe akufuna wodziwa buku la ndalama. Mtsikanayo akapeza pozolowera kulemba malisiti, kaya ndi pa golosale, intavyu yotsatira adzalowa ali ndi chonena. Inu bambo, ngati munasunga masatifiketi ake enieni, muuzeni pa foni yomweyo tsiku lodzawatenga.