Tizizindikiro ta Facebook ndi Instagram pa webusaiti ya kampani si umboni

"Abale, ndapeza kampani yogulitsa zipangizo za sola pa intaneti. Akuti ndilipire theka katundu asananyamuke. Pansi pa webusaiti yawo pali tizizindikiro ta Facebook, Instagram ndi X. Ndiwakhulupirire?"

Achemwali, ndalamayo musatumize kaye. Tizizindikiro timeneto ndi tizithunzi chabe. Mawebusaiti ambiri amapangidwa pa chikombole chokonzedwa kale, ndipo chikombolecho chimabwera ndi tizithunzito, kampani ikhale ndi akaunti kapena ayi.

Yambani ndi kuona komwe kalikonse kakulozera. Pa kompyuta, ikani kamuvi pamwamba pa kachizindikiro osadina, adiresi ioneka m'munsi chakumanzere. Pa foni, kanikizani chala pamenepo osachotsa msanga, adiresi ituluka. Mukaona zonga izi, dziwani kuti linkiyo sikufika ku akaunti ya kampani:

```
#
https://www.facebook.com/
https://www.facebook.com/sharer/sharer.php
```

Yoyambayo imangokubwezerani pamwamba pa tsamba lomwelo. Yachiwiri imakufikitsani pakhomo pa Facebook basi, ndipo poti mwina munalowa kale mu akaunti yanu, mumaona nkhani za anzanu n'kuganiza kuti linki yagwira. Yachitatu ndi batani loti inuyo mugawireko anzanu webusaitiyo. Kunena chilungamo, makampani ang'onoang'ono achilungamo nawonso amaiwala kukonza malinki amenewa, ndiye zimenezi pazokha sizisonyeza kuti ndi akuba. Kungoti musaziwerengere ngati umboni.

Pomwe anthu ambiri amagwera ndi apa. Linki yatsegukadi, mwafika pa tsamba lokongola, otsatira ambirimbiri, zithunzi za zaka ndi zaka. Mtima n'kukhala pansi. Komatu aliyense akhoza kuika pa webusaiti yake linki yopita ku tsamba la wina aliyense, mwini tsambalo osadziwa n'komwe. Akathyali amakopera webusaiti yonse ya kampani yeniyeni, n'kusintha nambala ya foni ndi akaunti ya kubanki, koma malinki a Facebook n'kuwasiya momwemo chifukwa akuwakometsa. Choncho funso lenileni ndi lakuti: kodi akauntiyo nayo ikuloza ku webusaiti imene inu mwachokera? Pa Facebook tsegulani About, pa Instagram ndi pa X onani pansi pa dzina, mupeze adiresi ya webusaiti imene eni ake analemba okha. Muyerekeze ndi yanu chilembo ndi chilembo. Akuba amaika `rn` pomwe panali `m`, kapena nambala `1` pomwe panali `l`, kapena amawonjezera mawu monga `-shop`, apo ayi asinthe `.com` kukhala `.net`. Pa foni zilembozi n'zazing'ono, maso amangodutsa. Muyerekezenso nambala ya foni ndi imelo. Zikasiyana, khulupirirani zomwe zili pa akaunti yakaleyo, osati za pa webusaiti.

Ngati zikugwirizana, fufuzani msinkhu wa akauntiyo. Facebook ili ndi malo otchedwa Page transparency, mkati mwa About momwemo. Mukadina See all muona tsiku lomwe tsambalo linatsegulidwa, maina onse omwe linakhalapo nawo, ndipo pa masamba akuluakulu muonanso maiko omwe oliyendetsa akukhala. Pa Instagram dinani timadontho titatu pamwamba, kenako About this account, muona mwezi ndi chaka chomwe akauntiyo inayamba komanso ngati inasinthapo dzina. X imalemba Joined pansi pa dzina.

Tiyerekeze kuti webusaitiyo ikunena kuti kampani inayamba mu 2012. Mwapita pa Facebook, tsamba linatsegulidwa mu 2016, otsatira alipo 40,000. Pamwamba zikuoneka bwino. Koma pa mbiri ya maina mukupeza kuti kuyambira 2016 linali tsamba la nthabwala za mpira, ndipo dzina la kampani ya sola lalowapo miyezi itatu yapitayo. Pamenepo mwaigwira nkhani. Masamba akale okhala ndi otsatira ambiri amagulitsidwa, ena amabedwa, wogulayo n'kufufuta zakale n'kuvala dzina latsopano. Anthu 40,000 aja anabwera chifukwa cha mpira, palibe anagulapo batire. Mudzaonanso kuti positi iliyonse ya sola ili ndi malaiki anayi kapena asanu, chifukwa otsatirawo alibe nazo ntchito. Kuti mutsimikize, lembani adiresi ya webusaitiyo pa `lookup.icann.org` muone deti lomwe lili pa Created, lomwe ndi tsiku limene adiresiyo inalembetsedwa. Likakhalanso la miyezi itatu yomweyo, za 2012 zija n'zokayikitsa kwambiri. Pa `web.archive.org` mukhoza kuona mmene webusaitiyo inkaonekera zaka zam'mbuyo, ngati inaliko.

Ine chimene ndimakhalitsapo ndi makomenti, kuposa mapositi. Tsamba la Facebook limatha kuposita lero n'kulemba deti la zaka zitatu zapitazo, koma deti la komenti ya munthu wina silingabwezedwe m'mbuyo. Tsikani pansi ndithu, musatope, mpaka mufike pa zakale. Kampani yomwe yagulitsadi katundu kwa zaka imasiya mapazi. Mupeza wina akufunsa mtengo, wina akudandaula kuti inveta yake yayamba kulira usiku, kampani ikumuyankha kuti atumize nambala ya lisiti, patapita masiku awiri yemwe uja wabweranso kudzanena kuti akonza. Madandaulo otere amandilimbitsa mtima kuposa matamando, chifukwa wakuba sataya nthawi kupeka kasitomala wokwiya. Chomwe chimandiopsa ndi makomenti makumi awiri otamanda, onse a sabata imodzi, mawu ake ofanana. Tsegulani maakaunti atatu kapena anayi a otamandawo. Mukapeza chithunzi chimodzi chokha, anzawo ochepa, palibe china chomwe analembapo, amenewo ndi maakaunti opangidwira ntchito yomweyo. Chinanso, pansi pa positi pakalembedwa kuti pali makomenti 30 koma inu mukuonapo asanu okha ngakhale mwasankha All comments, n'kutheka kuti ena akubisidwa, ndipo kawirikawiri obisidwa amakhala a anthu olira ndalama zawo.

Zithunzi nazo ziyeseni. Tengani chimodzi chomwe akuti ndi nyumba yawo yosungiramo katundu, muchiike pa Google Lens kapena TinEye, zomwe zimafufuza komwe chithunzi chikupezekanso pa intaneti. Chikatulukanso pa mawebusaiti ena a maina osiyanasiyana, n'chotola.

Kachizindikiro kabuluu kosonyeza kuti akaunti ndi yotsimikizidwa musakadalire kwambiri. Kuyambira mu Novembala 2022 pa Twitter, yomwe pano ndi X, munthu amakapeza polipira mwezi ndi mwezi, ndipo Facebook ndi Instagram anayambanso kukagulitsa mu 2023 kudzera mu Meta Verified. Komanso kampani yatsopano yachilungamo imakhala ndi akaunti yatsopano, palibe cholakwa. Cholakwa ndi kunena kuti tili ndi zaka khumi pomwe zonse zikuonetsa miyezi itatu.

Zonsezi zikayenda bwino, musanalipire lemberani uthenga ku akaunti yakale ija, osadzera pa batani la WhatsApp lomwe lili pa webusaiti. Muwatumizire adiresi ya webusaitiyo ndi dzina la akaunti ya kubanki yomwe mwapatsidwa, muwafunse kuti, "Kodi izi ndi zanu?" Ngati wina anawakopera webusaiti, akuuzani pomwepo. Ndipo dzina la kubankilo likakhala la munthu osati la kampani, achemwali, imani pomwepo, mubwere mutiuze zomwe mwapeza pa Page transparency tione limodzi.