Pa wailesi akuti chuma chakula, nanga pa okala panga bwanji?

"Akuti chuma cha dziko chakula, koma pa okala panga pano pa Chinkhoma anthu akungogula sopo wodula pakati ndi shuga wa pa supuni. Kodi akutinamiza?" Mayi wa okala, Kasungu

Mayi, sakunama ayi, kungoti chimene iwo amayeza si chimene inu mumaona m'kabati ya ndalama. Nambala imeneyo ndi GDP, ndipo amaiwerengetsa ndi a National Statistical Office ku Zomba. Amaphatikiza mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zimene zapangidwa m'dziko muno pa chaka, atachotsa zimene zalowa popanga zinthuzo.

Tiyerekeze ndi mlimi wa fodya wa bale amene mabelo ake agulidwa K3,000,000 ku okushoni yapafupi nanuyo. Feteleza, mbewu, mankhwala, ziguduli ndi thiransipoti zadya K1,800,000. Gawo lake mu GDP ndi K1,200,000 yotsalayo. Apa ndiye pagona nkhani. GDP sifunsa kuti ndalamayo yapita m'thumba mwa ndani. Chiwongoladzanja cha ngongole chimatapa pomwepo, mwini munda n'kutenga zake, ndipo tenanti amene wakhala miyezi yonse akusoka fodya m'chigafa amalandira zotsala atamudula chimanga chimene ankapatsidwa. Kaya tenantiyo apita kwawo ndi K200,000 kapena chimanjamanja, GDP imakhala yomweyo. Koma kasitomala wanu ndi tenantiyo, mayi. Mwini esiteti amakapikula zinthu zake pa boma kapena ku Lilongwe.

Palinso zimene nambalayi siona n'komwe, ndipo zimenezi zimandiwawa. Mitengo imene yagwetsedwa pomanga zigafa sichotseredwa paliponse, nthaka imene yaguga nayonso ayi. Mawa mayi akayenda mtunda wautali kusaka nkhuni, palibe buku limene lidzaonetse kuti wasauka. Kuphika, kulera ana ndi kudwazika matenda pakhomo sizilowamo. Chimanga chimene banja lalima n'kudya lokha chimalowamo, koma mongoyerekeza.

China n'chakuti ogawana chumacho tikuchuluka. Kalembera wa 2018 adapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni ndipo tikuwonjezeka ndi 2.9 peresenti pa chaka. Mu 2024 chuma chidakula osafika pa 2 peresenti. Mphika udakuladi, koma nsima ya munthu aliyense idachepa. Kumbukiraninso kuti kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene malipiro a ganyu sadakwere kufika pamenepo.

Choncho musaode katundu potengera wailesi. Funsani aganyu kuti akulandira zingati pa tsiku, muone kuti ndalamayo ikugula makilogalamu angati a chimanga pamsika, muzilemba mwezi ndi mwezi. Makilogalamuwo akamatsika, ndiponso buku lanu la ngongole likamadzaza msika wa fodya uli mkati, odani timapaketi ting'onoting'ono ta sopo, mchere ndi mafuta ophikira, ndipo katundu wodula muyambe mwamusiya.